Makina Anayamba Ndiwo Kupeza Ntchito

Kuseri kwa sitolo ya magalasi a maso ya pakona kunali kachipinda kamene makasitomala sankakaona. Munali tebulo lalitali, sinki, ndi makina odulira magalasi, okalamba ndithu, ofuna kuwanyengerera m'mawa uliwonse kuti alire. M'menemo ndi mmene munkakhala Chete.

Dzinali anamupatsa ndi achemwali ake ali mwana, ndipo linamumatirira mpaka kukula. Achemwali akewo anthu ankawatcha a Wailesi. Musandifunse chifukwa chake. Mukanakwera nawo basi imodzi, mukanatsika mukudziwa mtengo wa foni iliyonse m'tauni ndi matenda a apongozi awo omwe. Mimba imodzi, koma ayi ndithu, pakamwa ponse panapita kwa mmodzi.

Ntchito ya Chete inali ya maso ndi zala. Munthu akayezedwa maso n'kusankha felemu, zonse zinkapita kuseri. Galasi limabwera lozungulira ngati chivindikiro cha botolo la jamu. Iye ankaliyeza mphamvu yake, n'kuika kadontho pamene payenera kuyang'anizana ndi pakati pa diso la mwini wake. Kenako makina ankalipera m'mbali, madzi akuchucha, mpaka lilowe mu felemu kuti khe. Kadonthoko kakaphonya, mwini magalasi amabwerera mutu ukumuwawa. Kwa Chete sikankaphonya, ndipo ntchitoyo ankaikonda kwambiri.

Ndiye tsiku lina mwini sitolo, amene aliyense ankangowatcha Madala, analowa kuseri kuja n'kukhala pa sutulu.

"Mwanawe, ine ndatopa," anatero Madala. "Mawondo akana, ndipo ana anga za magalasi sazifuna. Nyengo yozizirayi ikamatha ndikutseka. Uyambe kuyang'ana kwina."

Chete anangoti, "Chabwino." Kwina kuti? Ntchito za kuseri kwa masitolo a magalasi sazilengeza kawirikawiri. Mwini sitolo akafuna wodula magalasi amangofunsa mnzake, "Ukudziwapo munthu?" Ndipo Chete, zaka zonsezi ali kuseri kwa chitseko, panalibe womudziwa.

A Wailesi atamva nkhaniyi sanadandaule n'komwe. Iwo anali ndi kasitolo ka mafoni pa depoti ya basi, kokhala ndi chimkuzamawu choitanira anthu.

"Ubwera kwa ine, basi! Vuto lili pati? Uzidzagwira chimkuzamawu, mwina pakamwapo patseguka. Ndakugulira kale malaya a ntchito, achikasu, olembedwa dzina la sitolo kumsana."

Chete anawayang'ana malayawo atapachikidwa pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo anachita mantha enieni. Kusiya magalasi n'kukafuula pa depoti tsiku lonse, kwa iye kunali kufa akuyenda.

"Achemwali, ndiloleni ndiyese kaye."

"Uyesa bwanji iwe, wosadziwa ngakhale dzina la woyandikana naye nyumba? Chabwino. Pali msonkhano wa anthu a zamaso ku hotela Loweruka. Ndikuperekeza. Ukagwire aliyense chanza, ukagawe nambala yako ngati maswiti."

Anapita. Kalanga ine, zimene zinachitika kumeneko! M'chipindamo munali anthu thothotho, onse akulankhula nthawi imodzi, onse akudziwana. Chete anaima pafupi ndi tebulo la tiyi, kapu m'manja, akukonza mawu mumtima. Mawu akapsa, munthu amene amafuna kumulonjera anali atapita kale. Anakabisala kuchimbudzi kawiri. A Wailesi, osadziwa ngakhale kusiyana kwa galasi lowerengera ndi loonera patali, anabwerako ndi manambala odzaza foni ndipo anagulitsa matchaja atatu. Chete anabwerako ndi mutu.

Lolemba lake kunabwera mayi wina wachikulire kudzatenga magalasi, koma magalasiwo ankatsetsereka pamphuno. Madala anaitana Chete. Iye anatenthetsa miyendo ya felemu pang'ono, kuipinda kuseri kwa khutu, uku akufunsa mayiyo ngati amasoka kapena amawerenga kwambiri. Anacheza za ulusi, za zidzukulu, mpaka kuseka. Mayiyo atatuluka, Chete anaima ndi kapulaya kopindira mafelemu m'manja. Ameneyu walankhula nayetu bwinobwino, lilime osalemera. Anthu makumi asanu akumukanika, inde. Koma munthu mmodzi, pa nkhani imene akuidziwa, ameneyo amamutha.

Tsono munthu mmodziyo amupeza kuti? Anali pakhomo pomwepo. Sabata iliyonse kunkabwera bambo wina pa njinga yamoto kudzasiya magalasi osadula ochokera ku kampani. Ankawatcha a Mthuthuthu. Kwa zaka zonsezo Chete ankangowauza "zikomo" n'kusaina. Koma bamboyu ankalowa kuseri kwa sitolo iliyonse ya magalasi m'tauni muno.

Tsiku limene anabwera, Chete anali atakonzeratu funso limodzi lokha, ndipo anafunsa.

"Bambo, m'masitolo mumayendamu, alipo ena ali ndi makina ngati athuwa?"

A Mthuthuthu anavula chisoti n'kumuyang'anitsitsa. "Ha! Kani mumalankhula, mayi?" Anaseka, n'kutsamira tebulo. Munthu ukamufunsa za chinthu chimene akuchidziwa, savuta. Anafotokoza za masitolo amene makina awo ndi atsopano, amene akuvutika, amene amatumiza ntchito kwina poti alibe makina. Chete anawauza kuti Madala akutseka, ndipo makinawo adzafuna kogona.

Akuvala chisoti, Chete anaponya funso lachiwiri, limene linangomubwerera. "Ndani wina amene ndingalankhule naye za zimenezi?"

"Pitani kwa a Sipanala, okonza makinawa. Palibe chimene sadziwa."

"Ndingawauze kuti mwandituma ndinu?"

"Auzeni! Mukatero ndiye ayankha msanga."

Madzulo ake Chete analemba uthenga pa foni, kufufuta, kulembanso. Pomaliza unatsala waufupi: kuti iye ndani, wamutuma ndani, ndiponso kuti akupempha kanthawi kochepa chabe pa nthawi ya nkhomaliro, pamalo powayandikira iwowo. A Sipanala anayankha ndi liwu limodzi: "Bwerani."

Anawapeza mu shedi yawo, pakati pa mamota ndi mawaya, akudya buledi ndi manja a girisi. Nawonso sanali olankhulalankhula, moti poyamba anangokhala onse awiri akuyang'ana pampu yakufa. Ndiye Chete anafunsa chimene chimapha mapampu otere. Eee, a Sipanala anamasuka! Madzi osasintha, phala la galasi loundana m'mapaipi, anthu aulesi osatsuka. Chete anawauza mmene iye amatsukira ake, ndipo a Sipanala anasiya kutafuna.

"N'chifukwa chake Madala sandiitana kawirikawiri. Ndimadabwa."

Kanthawi kamene anapempha katatha, Chete anaimirira yekha, osadikira kuti amutope. Anafunsa funso lake lomaliza lija, ndipo a Sipanala anamutumiza kwa mayi woyang'anira chipatala chaching'ono cha maso, chimene chinalibe makina ndipo odwala ake ankadikira magalasi nthawi yaitali.

Zinayenda choncho. Sankachita phuma. Akakumana ndi munthu lero, mawa lake ankadya nkhomaliro yekha kuseri, chitseko chotseka, kuti mphamvu zibwerere. Madzulo a tsiku lokumana ankatumiza uthenga wothokoza, n'kutchula chinthu chimodzi chimene waphunzira. Akakumana ndi amene anamutumako, ankabwerera kwa womutumayo kukanena mmene zayendera, chinthu chimene ambiri amaiwala. A Mthuthuthu anayamba kufika ndi nkhani zawo okha, osafunsidwa. Tsiku lina anadandaula kuti magalasi awo amawapweteka mkati mwa chisoti, Chete n'kuwawongolera miyendo pomwepo. Mwini sitolo wina amene anakumana naye ankasowa tizomangira ta mafelemu akale, ndipo Madala anali nato tambiri mu dirowa. Chete anawalumikiza.

A Wailesi sankaona kanthu pamenepa.

"Mwezi wonsewu wakumana ndi anthu angati?"

"Asanu ndi mmodzi."

"Asanu ndi mmodzi! Ine amenewo ndimawamaliza tiyi asanazizire. Nanga ntchito?"

"Ibwera."

"Malaya aja akukudikiratu. Ndawasita."

Apa ndiye pali nkhani, ndipo ndinene mosabisa, Chete anandikhumudwitsa. Pa anthu onsewo, palibe ngakhale mmodzi amene anamuuza kuti akufuna ntchito. Ankafika ndi mawuwo ali pamlomo, koma akayang'ana nkhope ya munthu, manyazi ankamugwira, iye n'kukhotera ku makina. Makina anali osavuta kuwalankhulira. Makina akusowa kopita, makina ndi olimba, makina asamalidwa bwino. Mumtima ankati anthu azindikira okha: sitolo ikutseka, ndiye kuti wantchito wake akusowa kolowera, si zachidziwikire? Anaiwala kuti anthu sawerenga mumtima, ndipo aliyense ali ndi zake zomuzunguza.

Makina ndiwo anapeza ntchito. Mayi a kuchipatala aja anagwirizana ndi Madala, ndipo m'sabata yotseka sitolo anabwera ndi galimoto ndi amuna onyamula. A Sipanala analipo kudzamasula mapaipi. Kachipinda kaja kanadzaza anthu, aliyense akulamula mnzake. Chete anaima pakona, thaulo m'manja, akuona makina ake akutuluka chammbali pakhomo. Pamene anali panatsala dothi lamakona anayi.

Mayiwo anamugwira paphewa, akumwetulira. "Mwatithandiza kwambiri, mwana wanga. Ndipo tapeza kale wowayendetsa, wayamba dzulo kukonza chipinda. Ndimati ndikufunseni inuyo, koma ndinati munthu waluso ngati uyu, wodekha chonchi, ali kale ndi kopita. Kodi mukupita kuti?"

Chete anamva ngati wamenyedwa khofi. Anthu onse aja anali pomwepo, makutu ali tcheru.

"Ndi... ndiona," anatero, ndipo mawu ake anamezedwa ndi phokoso la onyamula.

Mayiwo anatuluka. Madala, amene anamva zonse ali pa sutulu yawo, anapukusa mutu.

"Iwe, miyezi yonseyi umayenda kugulitsa makina anga? Ine ndimati ukudzigulitsa wekha! Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, mwanawe. Ukuyembekeza ndani?"

Chete anaponya thaulo pa sinki n'kutuluka. Anawapeza mayi aja akutsegula chitseko cha galimoto yawo, kutali pang'ono ndi onyamula.

"Mayi, ndingalankhule nanu panokha?"

"Nenani."

Chete anayang'ana tayala la galimoto, poti nkhope sakanaitha. "Ndilibe kopita. Ndikufuna ntchito yodula ndi kuika magalasi. Mukamva za malo, chonde munditchule."

Mawu ake anali amenewo basi, ndipo dziko silinang'ambike. Mayiwo anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Bwanji osanena tsiku lija tinamwa tiyi? Ndinakhala nanu, kukusirirani, ine ndikusowa munthu!" Anausa moyo. "Uyu ndamulemba kale, ndipo ali ndi banja, sindingamubweze. Pepani kwambiri. Koma ndamva. Tsopano ndikudziwa choti ndinene."

Madzulo amenewo Chete analira, osati pang'ono. Ntchito inali m'manja mwake, pa makina ake omwe, ndipo anaitaya chifukwa cha mawu ochepa amene anakanika kuwatulutsa. A Wailesi anamupeza atakhala pabedi, maso ali psuu. Anatsegula pakamwa kuti anene kuti "ndinanena ine," koma ataona nkhope ya mng'ono wawo anangokhala pambali pake n'kumusisita kumsana. Malaya achikasu anali pamsomali pomwe paja, ndipo palibe anawatchula.

M'mawa mwake Chete anayamba ulendo wobwerera. Sanafunike kufunafuna anthu atsopano, njira inali yolambula kale. Anayamba ndi a Mthuthuthu, atabwera kudzatenga mabokosi otsala, ndipo anawauza mawu omwe aja, osawonjeza, osachotsa. Kachiwiri sanalemere ngati koyamba.

"Inu mayi inu!" A Mthuthuthu anamenya chisoti ndi chikhatho. "Mwezi wathawu anthu awiri andifunsa za wodula magalasi. Ine n'kumati sindikudziwa aliyense! Ndimati inu muli pabwino."

A Sipanala anangoti, "Hmm. Mukanatero kale." Kenako anafunsa zinthu zenizeni: angayambe liti, angathe kufika kutali bwanji, makina atsopano a kompyuta anawagwirapo? Chete anayankha zoona, kuti atsopanowo sanawagwirepo.

"Bwerani mawa masana. Ndili nawo amodzi ndikuwayesa. Muwaone mmene amayendera."

Kwa ena aja anatumiza uthenga, aliyense wakewake, wokumbutsa zimene anacheza, ndi mawu aja kumapeto. Wina sanayankhe. Wina anati pepani, palibe. Sitolo inatsekedwa, Madala anamupatsa kapulaya kake kuti akasunge, ndipo panadutsa masabata a phee, foni osalira. Chete ankapita kwa a Sipanala kukaphunzira makina atsopano, n'kumawathandiza kutsuka mapampu. Tsiku lina m'mawa anatsitsa malaya achikasu aja pamsomali, kuwayesa pagalasi, n'kuona kuti akumukwana. Zimenezo zinamuwawa koposa.

Foni inalira sabata yomweyo. Anali bambo wina amene Chete sanamumvepo, mwini sitolo yaikulu ya magalasi mbali ina ya tauni. Wodula magalasi wake ankasamukira kwina, ndipo ankafuna kuonana ndi Chete mawa lake.

Chete anafika msanga. Bamboyo anali wamtali, wa magalasi okhuthala, ndipo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinu inuyo? Ine ndimayembekeza chimunthu cholongolola, chodziwika tauni yonse."

"Bwanji, bambo?"

"Ndinafunsa wobweretsa magalasi, anatchula inu. Ndinafunsa wokonza makina, anatchula inu. Dzulo ndakumana ndi mayi a kuchipatala, sindinawafunse n'komwe, angoyamba okha kuti pali munthu amene anamuphonya ndipo akudandaula mpaka lero. Anthu atatu, mosapangana. Munawadyetsa chiyani?"

"Ndinangocheza nawo, mmodzimmodzi."

"Hmm. Makina athu ndi atsopano."

"Ndangowaphunzira kumene. Poyamba ndichedwa."

Bamboyo anagwedeza mutu, n'kutsegula chitseko cha kuseri. Munali tebulo lalitali, sinki, ndi fungo lija la galasi lonyowa limene Chete ankaopa kuti sadzalimvanso. Anamupatsa felemu, magalasi awiri osadula ndi manambala a mwini wake, n'kuima pambali manja ali kumbuyo. Chete anaika kadontho koyamba. Madzi anayamba kuchucha. Anachedwadi, monga ananenera. Koma galasi linalowa mu felemu kuti khe, ndipo bamboyo ataliyeza sanapeze cholakwika.

"Mwezi woyamba ndi woyeserera," anatero. "Mubwere Lolemba."

Potuluka, Chete anatumiza mauthenga atatu asanakwere basi, kuti anthu ake amve kwa iye mwini, osati kwa ena. Kenako anadzera kunyumba kukatenga malaya aja, n'kupita ku depoti. Chimkuzamawu chinkamveka ali kutali. Anaika malaya achikasu pa kauntala, opindidwa bwino.

A Wailesi anayang'ana malayawo, n'kuyang'ana mng'ono wawo. "Wapeza?"

"Ndapeza, achemwali."

"Ya magalasi?"

"Ya magalasi."

"Ndi tianthu tako tisanu ndi kamodzi tija?"

"Atatu mwa iwo ndiwo ananditchula."

A Wailesi anazimitsa chimkuzamawu, chinthu chimene anthu a pa depoti sanachionepo masana. Anasisita malayawo, misozi ikulengeza.

"Ine foni yanga ndi yodzaza manambala," anatero motsitsa mawu. "Tsiku lija unalira, ndinaimbira onse a kuhotela aja kukufunira ntchito. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandikumbuka."

Chete sanadziwe kuti achemwali ake anachita zimenezo. Anazungulira kauntala n'kuwakumbatira, pamaso pa anthu onse a pa depoti, osachita manyazi.

"Basi, basi, undipinda malaya," anatero a Wailesi akupukuta maso. Anayatsa chimkuzamawu, n'kuchikweza mpaka kumapeto. "Tamverani nonse! Amene maso akukuvutani, mng'ono wanga uyu..."

"Achemwali, chonde!"

Koma anali atayamba kale, ndipo Chete anangophimba nkhope ndi manja, akuseka.